Ndikupita kusukulu kunja miyezi 7, ndiwapemphe bwanji eni nyumba kuti ndisiye munthu m'chipinda changa?

Nachisale wa ku Chitawira
Moni nonse. Ndithandizeniko nzeru abale anga. Ndimachita lendi chipinda cha kuseri kwa nyumba yaikulu ku Chitawira, chokhala ndi bafa ndi chimbudzi mkati momwemo, kophikira ndi pakhonde. Lendi ndi K130,000 pamwezi ndipo timalipira miyezi itatu itatu. Ya Januwale mpaka Malichi ndapereka kale.

Tsopano kuntchito andisankha kuti ndikachite maphunziro ku Cape Town. Ndinyamuka kumayambiriro kwa Febuluwale, ndidzabwera kumapeto kwa Ogasiti. Kulipira chipinda chopanda munthu miyezi 7 ndi K910,000, ndalama imeneyo ndilibe. Koma kuchitaya sindikufunanso, chifukwa ku ntchito ndimayenda wapansi ndipo pamalopo ndi pa bata. Pali mtsikana wina amene timapemphera limodzi, akuphunzira unamwino ndipo miyezi yomweyi akhala akugwira ntchito yophunzirira ku Kwinzi, akusaka pokhala. Iyeyu ndi wokonzeka kulipira.

Eni nyumba ndi mayi achikulire, amuna awo adamwalira, amakhala m'nyumba yaikuluyo ndipo geti timalowera limodzi. Chilowereni sitinayambanepo. Ndiwayambe bwanji? Ndikuopa kuti ndikangotchula za ulendo anena kuti basi tulukani ndiikemo wina.

Mjomba wa Ndix
Achemwali musadzipatse chintchito. Ingonenani kuti ndi msuweni wanu akukusungirani nyumba, basi. Alandilodi amafuna ndalama yawo, za amene akugona mkatimo alibe nazo ntchito. Mukangoti akulipira, mwaayitana mavuto nokha.

Anaphiri a ku Chirimba
Achimwene inu, za msuwenizo ife eni nyumba tidazitopa nazo. Ine ndili ndi zipinda zinayi kuseri kwanga. Mnyamata wina adapita ku Joni n'kundisiyira "mlongo wake". Tsiku lina tikuchapa pampopi ndidangomufunsa mwachezera kuti kumudzi kwanu mvula yagwa bwanji chaka chino. Iye akuti ku Thyolo yagwa bwino. Mwini chipindayo kwawo n'ku Ntcheu, ndidamulembera ndekha m'kope tsiku lolowa. Sabata yotsatira ndikuona bambo wina akutsegula geti langa usiku ndi kiyi wakewake, wodulitsa kumsika. Pamenepo sindinafunenso kumva zambiri, ndidapereka notisi ya mwezi umodzi kwa onse awiri. Chomwe chidandipweteka si mtsikanayo ayi, koma kundiyesa chitsiru pakhomo panga.

Nachisale mwanangu, mayi amene geti mumalowera limodzi adzadziwa ndithu. Pitani mukanene zoona.

Mjomba wa Ndix
Amayi, inuyo ndi apolisi kapena? Ena safunsa zimenezo.

Anaphiri a ku Chirimba
Wogona mumpanda mwanga ndiyenera kumudziwa. Akadwala usiku amagogoda pa ine, osati pa inu.

Malume a ku Naperi
Ndagwirapo ntchito yoyang'anira nyumba za anthu zaka zambiri ndithu. Ndisanayankhe, Nachisale tapezani pepala lomwe mudasainirana polowa, ngati lilipo. Mundiuze zinthu ziwiri: likunena chiyani za kulowetsa munthu wina, ndipo mgwirizanowo udayamba liti, ukutha liti.

Nyumba Zilipo
Achemwali muli ndi mwayi, chipinda chabwino chilipo ku Manja, china ku Zingwangwa pafupi ndi msika, matailosi, mita yakeyake. Ndalama yoonera ndi yochepa. Ndipezeni kumbali.

Woyang'anira gulu
Akulu a Nyumba Zilipo, werengani kaye musanatsatse malonda. Munthuyu sakusaka nyumba. Mukabwerezanso ndikuchotsani.

Nachisale wa ku Chitawira
Amalume ndalipeza, linali m'sutikesi limodzi ndi masatifiketi. Ndi masamba awiri, lolembedwa m'Chingerezi. Ndime yachisanu ndi chimodzi ikuti wochita lendi asachititse lendi, kupatsa munthu wina kapena kusiya chipinda m'manja mwa wina popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba. Pa masiku, udayamba pa 1 Julayi chaka chatha, ukutha pa 30 Juni chaka chino. Pali ndime inanso yoti aliyense atha kuthetsa mgwirizano popereka notisi ya mwezi umodzi.

Malume a ku Naperi
Ndiye za msuweni zija zafera pomwepo. Taonani mawu oti "kusiya m'manja mwa wina". Ngakhale akanakhala msuweni weniweni wosalipira ngakhale tambala, inu mutachoka miyezi 7 n'kumusiyira makiyi, ndimeyo mwaiphwanya. Ndiponso chilolezo chake n'cholembedwa. Mayiwo akangovomera pakamwa muli pakhonde, tsiku limene zinthu zidzavute pepala lidzakhala kumbali yawo.

Koma chachikulu chomwe simunachione ndi tsiku lija la 30 Juni. Mgwirizano wanu ukutha inu muli ku Cape Town. Mungathe kupempha bwino, mayi n'kuvomera, mtsikana n'kulowa, koma pofika Juni mayiwo ali ndi ufulu wonena kuti sindikupitiriza, kapena kuti kuyambira Julayi lendi ndi yakuti. Inu muli kutali, katundu wanu ali mkati, mtsikanayo mudamulonjeza mpaka Ogasiti. Simungapereke kwa mnzanu miyezi imene inu eni simunaigwire. Choncho zopempha zanu ndi ziwiri: chilolezo cha munthuyo, ndi kuwonjezera mgwirizano kuti upitirire tsiku lanu lobwera. Muzikambe pa ulendo umodzi, musananyamuke.

Za kuopa kuti anena kuti tulukani, manthawo ali ndi mutu ndithu. Eni nyumba ambiri amadziwa kuti kukweza lendi kwa munthu wakale kumavuta, pomwe kwa watsopano amangotchula mtengo. Kuchoka kwanu kutha kuoneka ngati mpata. Ndiye inu mupite ndi zinthu zowapangitsa kuona kuti kukusungani kuli bwino koposa. Mwalipira osaphonya, ya mpaka Malichi ali nayo kale m'manja, ndipo mukunena poyera kuti olipira mukhala inu nomwe, mtsikanayo alephere kapena asalephere. Mawu amenewa ndi amene mwini nyumba aliyense amafuna kumva poyamba.

Wa Poly wakale
Kungowonjezera, landilodi saloledwa kukana popanda chifukwa chomveka. Mukawapempha mwa kalata iwo n'kukana chabe, mutha kupita nawo kukhoti. Musamaope anthuwa, lendi ndi bizinesi.

Malume a ku Naperi
Achimwene, mawu amene mukunenawo alipodi, mapepala ena amalemba kuti chilolezo chisakanizidwe popanda chifukwa chomveka, makamaka a nyumba zikuluzikulu ndi maofesi. Nachisale sanawawerenge m'pepala lake. Koma tiyerekeze kuti alimo. Mayi wamasiye wokhala mumpanda womwewo akati sindikufuna munthu wosamudziwa pageti panga, mukuganiza kuti chimenecho si chifukwa? Ndipo ngakhale mutapambana, notisi ya mwezi umodzi ija ili m'manja mwawo, ndi Juni akubwera. Munthu wonyamuka masabata anayi akubwerawa alibe nthawi ya kwa majisitireti. Nkhaniyi njopempha, si yokakamiza.

Wa Poly wakale
Chabwino, koma adziwebe kuti ali ndi ufulu.

Mayi a Mapasa
Pepani ndilowererepo. Nyumbayo ndi yawodi mayiwo? Ku Chitawira ndi ku Nkolokosa kuli nyumba zambiri zomwe zidali za Malawi Housing Corporation, zina adagula anthu, zina zikadali za bungwelo. Ngati mayiwo nawonso ndi ochita lendi ku Hauzingi, malamulo a kumeneko salola kuchititsa lendi kwa ena, ndiye chilolezo chawocho chikhala chopanda miyendo. Ndikunena chifukwa mlamu wanga adakhala zaka ziwiri m'chipinda cha kuseri osadziwa kuti amene amamulipirayo si mwini wake.

Nachisale wa ku Chitawira
Ayi ndi yawo, malemu amuna awo adaigula kalekale, chipinda changachi adachita kumanga okha pambuyo pake.

Mayi a Mapasa
Basi ndiye zili bwino kumbali imeneyo.

Mjomba wa Ndix
Popeza mwakana za msuweni, ndiye dyanipo. Chipinda chokhala ndi bedi, filiji, mbaula ya gasi ndi makatani, pafupi ndi Kwinzi ndi MUBAS, mungachititse K180,000 osavuta. Ana asukulu akuvutika malo ogona. K50,000 yapamwambayo muzigulira chakudya kunjako.

Anaphiri a ku Chirimba
Ine nditangomva kuti chipinda changa cha K130,000 wina akudyerapo K180,000, mawa lake lendi ndi K180,000. Mwandiphunzitsa nokha mtengo wa nyumba yanga. Ndipo ndidzamva, chifukwa mtsikanayo tsiku lina adzadandaula pampopi kuti zonsezi ndikulipira ndalama zambiri koma madzi akuvuta.

Mlongo wa ku Soche
Koma Anaphiri katunduyo ndi wake, matiresi amatha, filiji imawonongeka. Ine sindikuona cholakwika kuwonjezera pang'ono, bola anene.

Malume a ku Naperi
Zonse zili ndi mbali yake. Kuwonjezera chifukwa cha katundu si kuba. Koma muyeze chomwe mukufuna. Inu cholinga chanu n'chakuti mudzapeze chipinda pobwera, ndipo mukupita kukapempha mayiwo kuti asakweze kwambiri mu Julayi. Simungapemphe zimenezo uku mukuonetsa kuti chipindacho chingagulitsidwe K180,000. Ine ndikanasiya pa K130,000 pomwepo, n'kutenga dipoziti ya mwezi umodzi kwa mtsikanayo yotchinjirizira katundu. Akatuluka zonse zili bwino, mumubwezera.

Tsopano tiwerengere, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Inu mumalipira miyezi itatu nthawi imodzi, mwana wasukulu nthawi zambiri amatha kulipira mwezi ndi mwezi. Ya Febuluwale ndi Malichi mudawalipira kale mayi, ndiye K260,000 yomwe mtsikanayo akupatseni pa miyezi iwiriyi idzaoneka ngati yanu yodyera. Si yanu. Pa 1 Epulo mayi akufuna K390,000. Ndalamayo ndi ya Febuluwale, Malichi ndi Epulo ya mtsikanayo mukaiphatikiza, ndendende. Mukangogulira jekete la kozizira ndi ya Febuluwale, Epulo mwagwa. Chimodzimodzi ya Meyi, Juni ndi Julayi ikwana K390,000 ya pa 1 Julayi.

Koma tiyerekeze kuti mayi akweza kufika K160,000 kuyambira Julayi. Pa 1 Julayi pafunika K480,000, inu muli ndi K390,000, yoperewera K90,000. Ya Ogasiti ya mtsikanayo idzabwera mochedwa, tsiku lolipira litadutsa. Ndiye mudziwiretu lero kuti K90,000 imeneyo idzachokera kuti, kapena mugwirizane ndi mtsikanayo kuti lendi ikakwera mu Julayi nayenso yake ikwera. Osadzamuuza mu Juni pa foni, adzati mwamunamiza. Dipoziti yake ija musaiwerengere pamenepa, ndi ya mwini wake.

Nachisale wa ku Chitawira
Eee amalume, ya Febuluwale ndi Malichi ija ndinali nditaiika kale pa bajeti ya ulendo. Mwandidzutsa.

Nanga ndalamayo azipereka kwa ine kapena kwa mayi mwachindunji? Kwa mayi kukuoneka kophweka popeza ali pakhomo pomwepo.

Anaphiri a ku Chirimba
Ine ndimakonda kulandira kwa amene ndikumuona. Wa ku Cape Town ndimufuna bwanji akachedwa? Mtsikanayo azingopereka kwa mayi mwezi ndi mwezi.

Malume a ku Naperi
Apa Anaphiri tisiyana. Mtsikana akamalipira yekha kwa mayi, malisiti n'kumalembedwa m'dzina lake miyezi 7, pofika Ogasiti wochita lendi ndi ndani? Ndaonapo zotere: awiriwo azolowerana, wosiyiridwayo amathandiza kusesa, amaperekeza mayi kuchipatala, wabwerayo akungouzidwa kuti mwana uyu ndamuzolowera, inu tengani katundu wanu. Ngati n'kofunika kuti ndalama ipite pamanja, lisiti lililonse lilembedwe kuti yalandiridwa kuchokera kwa Nachisale kudzera mwa uje. Koma njira yoyera ndi yoti mtsikana alipire Nachisale, Nachisale alipire mayi.

Anaphiri a ku Chirimba
Njira yoyerayo imayera mwini wake akamayankha foni. Ena akangokwera ndege pa Chileka nambala imafa.

Dokotala wa Mbuzi
Pa nkhani ya nambalayi ndinene zomwe zidandichitikira. Ine ndidapita ku India miyezi 5. Ndidasiya simu yanga ya kuno m'kabati, poganiza kuti ndikagula ya komweko. Tsiku lolipira lendi ndikufuna kutumiza ndalama pa foni kuchokera ku akaunti yanga, nambala yachinsinsi yotsimikizira ikupita ku simu ili m'kabati ku Chilomoni. Ndidachedwa masabata awiri mpaka mkulu wanga adachita kundikongoza. Nachisale, musananyamuke pitani kubanki kwanu ndi kwa a foni mukafunse ngati mauthengawo adzakupezani kunjako, kaya ndi Mpamba kaya Airtel Money kaya ya kubanki. Mukafika, yesani kutumiza kandalama kochepa sabata yoyamba, osadikira pa 1 Epulo. Kapena muuze banki kuti izitumiza yokha ku akaunti ya mayi pa tsiku lake, ngati mayiwo ali nayo akaunti.

Komanso ndalama ya lendiyo isiyeni kuno m'makwacha. Kuitulutsa kupita nayo kunja n'kudzaibwezanso, imatha ndi zodula.

Mlongo wa ku Soche
Funso lapambali, maphunzirowo mudawapeza bwanji achemwali? Nafe tikufuna.

Woyang'anira gulu
Zimenezo mukafunsane kumbali, tisasokoneze.

Malume a ku Naperi
Nkhawa ya Anaphiri njoona, ndipo yankho lake ndi munthu. Muli ndi wachibale wamkulu muno mu Blantyre?

Nachisale wa ku Chitawira
Azakhali anga ali ku Machinjiri, ndi aphunzitsi opuma.

Malume a ku Naperi
Amenewo ndi amene mukufuna. Mupite nawo kwa mayi, adziwane, asinthane manambala. Mpopi ukaphulika, mtsikana akachedwa kulipira, kukabwera alendo osadziwika, mayi akhale ndi woti amuyimbire wa kuno, wamsinkhu wawo. Kiyi wina akhale ndi azakhaliwo.

Kayendedwe kake ndikanati kakhale kotere. Ulendo woyamba pitani nokha, osati pageti mukuthamangira ku ntchito, pemphani nthawi yokhala pansi. Yambani ndi nkhani ya sukulu, akusangalalireni kaye. Kenako munene kuti chipinda simukufuna kuchisiya, olipira mukhala inu nomwe, ndipo pali mtsikana wakutiwakuti amene mukupempha kuti akhalemo. Musapemphe chilolezo "choikamo munthu". Pempho lopanda nkhope limakanidwa msanga. Nenani dzina lake, kwawo, kumene amaphunzira, kumene amapemphera, kuti ndi yekha, ndi kuti nthawi zina azigwira usiku ndiye geti lizitsegulidwa mochedwa kapena m'mamawa. Chomalizachi musabise, ndi chimene chingadzayambitse mkangano mwezi woyamba. Musawakakamize kuyankha tsiku lomwelo. Ulendo wachiwiri mupite ndi mtsikanayo ndi azakhali, ndi fotokope ya chiphaso chake cha unzika. Pepala lisainidwe ulendo umenewu.

Mfundo ina yoti muwauze: Febuluwale ndi Malichi ndi mvula. Chipinda chotsekedwa nthawi imeneyi chimachita nkhungu, denga likadontha palibe woona mpaka siling'i itagwa, ndipo akuba amadziwa zenera lomwe siliyaka magetsi. Kwa mwini nyumba, kukhala ndi munthu mkati kuli bwino kusiyana ndi loko.

Nachisale wa ku Chitawira
Pepalalo ndilembe chiyani? Loya ndilibe ndalama yake.

Malume a ku Naperi
Safunika pa chipinda chimodzi. Lembani m'Chichewa kuti mayi awerenge okha. Motere:

"Ine, mwini nyumba ya pa malo akuti ku Chitawira, ndavomera kuti uje, amene amachita lendi chipinda cha kuseri, asiye uje, nambala ya chiphaso yakuti, kukhala m'chipindacho yekha kuyambira pa 1 Febuluwale mpaka pa 25 Ogasiti. Wochita lendi akhalabe uje, ndipo lendi, madzi ndi chilichonse chowonongeka adzayankha ndi iye. Mgwirizano wathu umene ukutha pa 30 Juni tawuwonjezera chaka china, pa lendi ya K yakuti pamwezi kuyambira pa 1 Julayi. Pakakhala vuto ndidziwitsa uje wa ku Machinjiri pa nambala yakuti."

Asaine mayi, inu, ndi mboni ziwiri, imodzi ya mbali yawo. Aliyense akhale ndi lake, inu mulijambulenso pa foni.

Kenako pepala lina pakati pa inu ndi mtsikanayo, mayi lisawakhudze. Mmenemo ndi muli ndalama, tsiku lolipira, dipoziti, kuti saloledwa kulowetsa wina kapena kudulitsa kiyi, ndi tsiku lotuluka. Ndaika 25 Ogasiti dala, kuti pakhale masiku oti azakhali aone chipinda inu musanafike. Muikemonso kuti sukulu ikatha msanga kapena ikatalika, mudzamudziwitsa mwezi wathunthu nthawi isanakwane, ndipo nayenso akafuna kuchoka pakati atero.

Wa Poly wakale
Mapepalawa akadindidwe kupolisi kapena kwa amfumu, apo ayi alibe mphamvu.

Malume a ku Naperi
Mphamvu yake ndi kusaina kwa eni ake ndi mboni. Chidindo cha amfumu a m'dera sichiipa, chimathandiza pakabuka mkangano popeza nkhani zambiri zotere zimathera kwa iwo, koma kusowa kwake sikupha pepala.

Mayi a Mapasa
Za katundu musaiwale. Lembani chilichonse pa pepala muli awiri, mpaka mapoto ndi mabulangeti, mujambule zithunzi, filiji ikulira, mbaula ikuyaka, galasi la pazenera ngati lili ndi mng'alu lionekenso. Silinda ya gasi mulembe kuti mwaisiya ndi gasi wochuluka bwanji. Masatifiketi, mapepala a kubanki ndi zovala zanu zabwino pititsani ku Machinjiri. Sikuti mtsikanayo ndi wakuba, koma anzake obwera kudzacheza simukuwadziwa, ndipo chinthu chikasowa ubale wa kutchalitchi umatha.

Magetsi muli ndi mita yanu?

Nachisale wa ku Chitawira
Magetsi ndi mita yangayanga ya mayunitsi, aliyense amagula ake. Madzi ndi mita imodzi, bilu ikabwera mayi amagawa potengera mitu ya anthu.

Mayi a Mapasa
Magetsi ndiye palibe ngongole yomwe angakusiyireni, mungomupatsa nambala ya mita. Madziwo ndi amene ali ndi nkhani. Wa unamwino amachapa yunifolomu pafupipafupi, bilu ikakwera onse amumpanda adzaloza iye. Lipirani mbali yanu yonse musanapite, ndipo mulembe nambala yomwe ili pamita tsiku lomwe akulowa. Bilu ya Ogasiti idzabwera iye atatuluka, ndiye dipoziti musabweze yonse isanafike.

Mjomba wa Ndix
Zonsezi chifukwa cha chipinda chimodzi? Mapepala awiri, mboni, azakhali, amfumu. Ine bwenzi nditangosamutsa katundu kupita ku Machinjiri, ndikabwera n'kusaka china.

Dokotala wa Mbuzi
Imeneyonso ndi njira, tisainyoze. Koma awerengere: lole kupita ndi kubwera, miyezi iwiri yomwe walipira kale mwina osabwezeredwa, wa dobadoba pobwera, miyezi itatu ya pamtengo watsopano nthawi imodzi, ndi kugona kwa azakhali uku akukwera maminibasi awiri kupita ku ntchito mpaka chipezeke. Chitsikireni kwacha mu Novembala 2023 mitengo ya nyumba siyikhalitsa pamodzi. Koma mayi akakana, njira ndi imeneyo basi.

Nachisale wa ku Chitawira
Ndabwera ndi lipoti. Ndidapita Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi. Za sukulu adasangalala kwambiri mpaka kundipempherera. Nditatchula za mtsikana adakhala chete kanthawi, kenako funso loyamba linali loti ali ndi chibwenzi chobwerabwera kapena ayi. Lachiwiri, olipira ndani. Nditanena kuti ndi ine, ndipo azakhali abwera kudzaonekera, nkhope idamasuka. Za kugwira usiku sadakondwe nazo, akuti galu amamasulidwa 9 koloko ndipo geti amakhoma okha. Tagwirizana kuti mtsikanayo aziwauziratu sabata yomwe ali ya usiku, kiyi wa geti amupatsa iwo eni, osati ine.

Dzulo tidapita ndi azakhali ndi mtsikanayo. Chilolezo asaina, mboni yawo anali mayi a nyumba yoyandikana. Ndalama akuti azilandira kuchokera kwa ine ku akaunti yawo. Koma ndime ya kuwonjezera mgwirizano aidula ndi cholembera. Akuti za mtengo wa Julayi sanganene panopa, mwana wawo wa ku Lilongwe ndi amene amaona zimenezo ndipo abwera pa Isitala. Pakamwa anena kuti mwana wanga usadandaule, sindingakutulutse uli kusukulu.

Anaphiri a ku Chirimba
Mayi ngati amenewo akanena choncho amatanthauza. Pitani ndi mtima umodzi.

Malume a ku Naperi
Mayiwo ndikuwakhulupirira, amene sindikumudziwa ndi wa ku Lilongweyo. Bwererani ndi chiganizo chimodzi chokha, chopanda mtengo: kuti mgwirizano ukatha pa 30 Juni mupitiriza kukhala wochita lendi mpaka pa 30 Sepitembala, ndipo mtengo watsopano akuuzani pofika pa 31 Meyi. Pamenepo sanadzimange pa ndalama, mwana wawo sangawadzudzule, koma inu mwapeza denga mpaka mutabwera ndi mwezi wathunthu wokonzekera yoperewera ija. Ndipo chilolezo chomwe asaina chikuti mtsikana akhala mpaka 25 Ogasiti, muwaonetse kuti ziwirizi zikungogwirizana.

Nachisale wa ku Chitawira
Ndiyesa mawa madzulo. Nanga akakananso chimenechi?

Malume a ku Naperi
Ndiye mumuuze mtsikanayo zoona asanapereke dipoziti, kuti chotsimikizika ndi mpaka Juni, Julayi ndi Ogasiti zidalira za pa Isitala. Pepala lanu ndi iye mulembe choncho. Ndipo azakhali akhale akudziwa kuti mwina mu Juni pafunika lole ndi malo oika bedi ndi filiji.

Mjomba wa Ndix
Filijiyo ikasowa malo ine ndili nawo.

Nachisale wa ku Chitawira
Inu a msuweni inu, ayi zikomo. Amalume, nambala ya mwana wawo wa ku Lilongwe ndiipemphe, kapena zioneka ngati ndikuwalumpha mayi?

Malume a ku Naperi
Musaipemphe inu. Auzeni mayi kuti ngati n'kotheka amuyimbire muli pomwepo, mumupatse moni ndi kumufotokozera nokha pa foni yawo.